Chifukwa chake mota sitiilumikiza mwachindunji ku pini ya Arduino

Aliyense amene akuphunzira kugwiritsa ntchito kabolodi ka Arduino amayambira pa kuyatsa kababu. Amalumikiza kababu kakang'ono ndi rezisita ku pini imodzi, n'kulemba mzere woti `digitalWrite(9, HIGH)`, kababu kaja n'kuyaka. Zikatheka zimenezi, mtima umafuna kuzunguza china chake: tayala la kagalimoto koseweretsa, fani, kapampu kothirira mbewu, kapena thireyi yotembenuza mazira m'makina oswetsera anapiye. Ndiye munthu amachotsa kababu, n'kuikapo mota pa pini yomweyo, poganiza kuti magetsi ndi magetsi basi.

Zotsatira zake zimakhumudwitsa. Mota imangonjenjemera kapena kulira pang'ono osazungulira. Nthawi zina imazungulira mofooka ikakankhidwa ndi chala. Nthawi zina kabolodi kamazima n'kuyambiranso kokha. Choopsa kwambiri n'chakuti zimatha kuoneka ngati zikuyenda kwa masiku angapo, kenako pini ija n'kufa osadzukanso. Apa pulogalamu siinalakwe, ndipo mota siinawonongeke. Chasowa ndi chipangizo choima pakati pa pini ndi mota: tiranzisita ngati mota izizungulira mbali imodzi yokha, kapena mlatho wa H ngati ikufunika kupita kutsogolo ndi kubwerera m'mbuyo.

Kuti timvetse bwino chifukwa chake, titsata chitsanzo chimodzi kuyambira pano mpaka kumapeto: kabolodi ka Arduino Uno, ndi kamota kachikasu kokhala ndi magiya kamene kamagulitsidwa limodzi ndi matayala a timagalimoto ta ophunzira, kogwira ntchito pa mavoloti 3 mpaka 6.

Malire a pini

Ubongo wa Arduino Uno ndi kachipangizo kakuda ka miyendo yambiri kotchedwa ATmega328P. Ameneyu ndiye maikulokontilola, kakompyuta kakang'ono kamene kamasunga pulogalamu ndi kuiyendetsa. Pini iliyonse ya pa kabolodi imachokera ku mwendo wa kachipangizo kameneka, ndipo pulogalamu ikati HIGH, pini imatulutsa mavoloti 5. Ikati LOW, imatsika kufika pa ziro.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amasokoneza. Mavoloti amayeza mphamvu yokankha magetsi. Maampeya amayeza kuchuluka kwa magetsi amene akuyendadi m'waya. Ampeya imodzi ili ndi mamiliampeya 1000. Kamota kathu kamavomera mavoloti 5, ndipo pini imatulutsa mavoloti 5, choncho poyang'ana mavoloti okha zimaoneka ngati zikugwirizana. Vuto lili pa maampeya.

Chikalata cha opanga ATmega328P chimanena kuti pini imodzi isapitirire mamiliampeya 40, ndipo amenewa ndi malire omaliza, amene kuwadutsa kungawononge kachipangizoko. Pogwira ntchito ya tsiku ndi tsiku, a Arduino amalangiza mamiliampeya 20. Palinso malire ena: magetsi onse odutsa pa miyendo imene imadyetsa kachipangizoko asapitirire mamiliampeya 200. Kababu kakang'ono kamayaka bwino ndi mamiliampeya 10, n'chifukwa chake sikavuta.

Malirewa ali ndi chifukwa chake. Kuseri kwa pini iliyonse, m'kati mwa kachipangizoko, muli timatiranzisita tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tolumikizidwa ku mwendo ndi kawaya kowonda kuposa tsitsi. Magetsi akamadutsa pa chinthu chilichonse amachitenthetsa, ndipo kutenthako kumakula msanga kuposa magetsiwo: maampeya akawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Kanthu kakang'ono chotere kalibe kotayira kutentha. Kakatentha mopitirira kamawonongeka m'kati, kunja osaonetsa chilichonse.

Zimene mota imafuna

Tsopano tiyang'ane m'kati mwa kamota kaja. Muli waya wa kopa wokulungidwa kambirimbiri pa chitsulo chozungulira, zimene timati makoyilo, ndipo m'mbali mwake muli maginito awiri. Magetsi amalowa m'makoyilo kudzera pa timabulashi tiwiri tokhudza mbali yozungulirayo. Akalowa, makoyilo amasanduka maginito, n'kuyamba kukokana ndi kukankhana ndi maginito a m'mbali aja. Umo ndi mmene mota imazungulirira.

Waya wa kopa satsekereza magetsi kwenikweni. Mukatenga malitimita, n'kuyeza kukaniza kwa magetsi pakati pa timakutu tiwiri ta kamota kameneka, mupeza maomu ochepa chabe. Tiyerekeze kuti mwapeza maomu 5. Lamulo la Ohm limati maampeya timawapeza pogawa mavoloti ndi maomu. Tikapatsa kamotaka mavoloti 6 ochokera ku mabatire anayi a AA, masamu ake ndi 6 ÷ 5 = 1.2. Ndiye kuti maampeya 1.2, kapena kuti mamiliampeya 1200, kuwirikiza ka 30 malire omaliza a pini.

Komabe wina amene anayezapo kamota kotere kakuzungulira m'malere anganene kuti anaona mamiliampeya 200 okha kapena kucheperapo. Akunena zoona, ndipo apa m'pamene pagona chinsinsi cha mota. Koyilo ikamazungulira pakati pa maginito imapanga magetsi akeake, monga momwe dayinamo ya njinga imachitira. Michael Faraday anatulukira zimenezi mu 1831, ndipo mu 1834 Heinrich Lenz anaonetsa kuti magetsi opangidwa chotere nthawi zonse amalimbana ndi chimene chawayambitsa. Choncho mota ikathamanga imapanga mavoloti okankha mobwezera batire. Pa chitsanzo chathu, ikafika pa liwiro lake lonse imabweza pafupifupi mavoloti 5. Pa mavoloti 6 a batire pamatsala voloti imodzi yokha yokankha magetsi m'maomu 5 aja, ndipo 1 ÷ 5 = 0.2, omwe ndi mamiliampeya 200.

Tanthauzo lake n'lakuti mota ilibe muyezo umodzi wa magetsi. Ikathamanga yopanda katundu imadya pang'ono. Ikalemedwa liwiro limatsika, mavoloti obwezera aja amachepa, ndipo imadya kwambiri. Ikaima chifukwa tayala lakakamira pa khoma, sibweza chilichonse, ndipo imakoka maampeya 1.2 onse aja. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti mota iliyonse imayamba ili chiimire. Nthawi iliyonse imene mwaiyatsa, kwa kanthawi kochepa isanatenge liwiro, imakoka magetsi ofanana ndi a mota yokakamira.

Nanga chimachitika n'chiyani kamotaka kakalumikizidwa pa pini? Timatiranzisita ta m'kati mwa pini tili ndi kukaniza kwake, pafupifupi maomu 25. Tikaphatikiza ndi maomu 5 a mota akwana 30, ndipo masamu achidule a 5 ÷ 30 akupereka mamiliampeya opitirira 160. Zenizeni zimatha kucheperapo chifukwa pini imafika potopa, koma zimadutsabe kutali malire a 40 aja. Mavoloti ambiri amathera m'kati mwa pini ngati kutentha, ndipo mota imalandira osakwana voloti imodzi. N'chifukwa chake imangonjenjemera. Popeza sikuzungulira, sikubwezanso mavoloti oti achepetse magetsi, ndiye pini imapitirira kupsa pa ntchito imene sikuchitika n'komwe.

Ntchito ya tiranzisita

Amakaniko amadziwa kale yankho la vutoli. Sitata ya galimoto imakoka maampeya opitirira 100, koma magetsi amenewo sadutsa pa kiyi. Kiyi imangotumiza timagetsi tochepa ku solenoidi, ndipo solenoidiyo ndi imene imalumikiza waya wonenepa wochokera ku batire kupita ku sitata. Tiranzisita imagwira ntchito yofanana, kungoti ilibe chitsulo choyenda m'kati, ndipo imatha kutseka ndi kutsegula kambirimbiri pa sekondi imodzi osatha. Inapangidwa koyamba mu 1947 ku Bell Labs, ku America.

Tiranzisita ili ndi miyendo itatu. Iwiri ndi njira ya magetsi ambiri, wachitatu ndi wolandira lamulo. Kalumikizidwe kake kofala ndi aka: waya wa pozitivu wochokera ku batire upite ku khutu limodzi la mota. Khutu lina la mota lipite ku tiranzisita, ndipo kuchoka ku tiranzisita magetsi abwerere ku negativu ya batire. Pini ya Arduino ilumikizidwe ku mwendo wolamulira wokha. Mukatsata njirayi ndi chala muona kuti magetsi a mota akuchoka ku batire, kudutsa m'mota, kudutsa m'tiranzisita, n'kubwerera ku batire, osapondako pa pini. Ubwino wina ndi wakuti batire la mota lingakhale la mavoloti 6, 9 kapena 12, pamene pini ikadali pa 5.

Pali waya mmodzi amene sayenera kuiwalika: negativu ya batire la mota ilumikizidwe ku pini yolembedwa GND pa Arduino. Mavoloti amayezedwa pakati pa malo awiri. Tiranzisita imamva lamulo poyerekeza mwendo wolamulira ndi mwendo wake wopita ku negativu. Popanda waya ameneyu, mavoloti 5 a pini alibe powayerekezera, ndipo mota imakhala chete kapena kumangoyaka ndi kuzima mwachisawawa.

Si tiranzisita iliyonse imene ingakwanitse. M'timabokosi ta ophunzira mumapezeka kawirikawiri kakang'ono kakuda kotchedwa PN2222A. Mtundu umenewu umafuna kuti magetsi azilowa ndithu pa mwendo wake wolamulira, wotchedwa besi, ndipo kuti utseguke kotheratu, lamulo la amisiri ndi lakuti besi ilandire gawo limodzi mwa magawo khumi a magetsi a mota. Ndi rezisita ya maomu 220 pakati pa pini ndi besi, pamadutsa mamiliampeya pafupifupi 19, omwe ali kale pa malire a pini. Amenewa amatsegula bwino njira ya mamiliampeya pafupifupi 200. Zikukwanira mota yothamanga m'malere, koma yokakamira ikufuna 1200, pamene PN2222A yokhayo siinapangidwe kuti inyamule ochuluka chotere. Tayala likangokakamira, tiranzisita imatsegula mwatheka, mavoloti ambiri amathera pa iyo, ndipo imatentha mpaka kuotcha chala.

Yoyenera ntchitoyi ndi mtundu wotchedwa mosifeti, mwachitsanzo IRLZ44N. Mwendo wake wolamulira, geti, sufuna magetsi oyenda mosalekeza. Umangofuna kuona mavoloti. Geti ikalandira mavoloti 5, kukaniza kwa njira yaikulu kumatsika kufika pafupifupi maomu 0.025. Pa maampeya 1.2, kutentha kopangika ndi 1.2 × 1.2 × 0.025, kosakwana mawati 0.04, moti siifunda n'komwe. Mwendo wa dileni umapita ku mota, wa sosi ku negativu.

Pogula, werengani bwino nambala yake. IRFZ44N imaoneka chimodzimodzi ndi IRLZ44N, ndipo zikusiyana pa chilembo chimodzi chokha, koma yoyambayo inapangidwa kuti izitseguka kotheratu ndi mavoloti 10 pa geti. Pa mavoloti 5 imatsegula moperewera, ndipo katundu akakula imatentha. Amene akugwiritsa ntchito timabolodi ta mavoloti 3.3, monga ESP32 kapena Raspberry Pi Pico, asamale koposa, chifukwa ngakhale IRLZ44N imakhala ili m'malire pa mavoloti amenewo.

Marezisita awiri amamaliza ntchitoyi. Ya maomu 220 ikhale pakati pa pini ndi geti, kuti ichepetse magetsi amene geti imameza mwadzidzidzi pa nthawi yotseguka. Ya maomu 10,000 ikhale pakati pa geti ndi GND. Arduino ikangoyatsidwa, pulogalamu isanayambe, mapini ake amakhala asanalandire lamulo lililonse, ndipo geti yosiyidwa yokha imatola timagetsi tongoyendayenda, mota n'kudzidzimuka yokha. Rezisita imeneyi imagwira geti pa ziro mpaka pini italankhula.

Koyilo ikadulidwa magetsi

Vuto lachiwiri la mota limabwera poizimitsa. Magetsi akamayenda m'koyilo, mphamvu ina imasungidwa mu maginito amene koyiloyo yapanga. Mukadula njira mwadzidzidzi, mphamvuyo iyenera kupita kwina, choncho koyilo imakweza mavoloti mpaka itapeza podutsa. Kudula kukafulumira, mavoloti amakweranso kwambiri. Umu ndi mmenenso koyilo ya galimoto ya petulo imasandutsira mavoloti 12 a batire kukhala masauzande ambiri othethetsa moto pa pulagi.

Tiranzisita imadula magetsi mofulumira kwambiri, m'kagawo kakang'ono ka sekondi, ndiye ngakhale kamota ka mavoloti 6 kamatha kuponya mavoloti makumi angapo kapena kupitirira. PN2222A imapirira mavoloti 40, IRLZ44N imapirira 55, pamene pini ya ATmega328P yodyetsedwa mavoloti 5 siyenera kuona oposa 5.5. Kugunda kumodzi mwina sikungaphe chipangizo, koma kugunda kobwerezabwereza kumachifooketsa. Tiranzisita ikafa chotere kawirikawiri imafa ili yotseguka, moti mota imangozungulira osamveranso pulogalamu.

Mankhwala ake ndi dayodi, kachipangizo ka miyendo iwiri kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha. Imaikidwa pakati pa makutu awiri a mota, mbali yokhala ndi kamzere ikuyang'ana ku pozitivu ya batire. Mota ikamayenda, dayodi imakhala yotseka, osachita kanthu. Tiranzisita ikangodula, mavoloti a koyilo amatembenuka, dayodi imatseguka, ndipo magetsi otsala aja amazungulira pakati pa koyilo ndi dayodi mpaka atatha. Tiranzisita imangoona mavoloti a batire kuphatikizapo osakwana voloti imodzi. Dayodi ya 1N4007 imakwanira ngati mota mukungoiyatsa ndi kuizimitsa. Ngati mukuchepetsa liwiro poithimitsathimitsa mofulumira, 1N5819 ndi yabwinopo chifukwa imatseka msanga. Mukaiika motembenuza, tiranzisita ikangotseguka magetsi amalambalala mota n'kudutsa pa dayodi, ndipo imeneyo ndi shoti yoopsa.

Kuthimitsathimitsa kumene tatchulaku ndiko njira yosinthira liwiro. Pa Uno, mapini 3, 5, 6, 9, 10 ndi 11 ali ndi kachizindikiro ka ~ pambali. Lamulo la `analogWrite` limachititsa pini 9 kuyaka ndi kuzima pafupifupi ka 490 pa sekondi, ndipo nambala yochokera pa 0 mpaka 255 imanena gawo la nthawi imene pini ikhale yoyaka. Ndi 128, mota imalandira magetsi theka la nthawi, n'kuyenda pang'onopang'ono. Koma zindikirani kuti tsopano koyilo ikudulidwa magetsi ka 490 pa sekondi iliyonse. Popanda dayodi, tiranzisita ikulandira zigundo zochuluka chomwecho.

Kubwerera m'mbuyo: mlatho wa H

Tiranzisita imodzi imayatsa, kuzimitsa ndi kusintha liwiro, koma magetsi amadutsa m'mota kulowera mbali imodzi nthawi zonse. Fani ndi pampu zimakhutira nazo. Kagalimoto kofunika kubwerera, geti lotseguka ndi kutsekeka, kapena thireyi ya mazira yopendekera uku ndi uku, zimafuna kuti pozitivu ndi negativu zisinthane pa makutu a mota. Pini siingathe kuchita zimenezi, tiranzisita imodzinso siingathe. Pamafunika zinayi.

Jambulani chilembo H. Mota ili pa mzere wopingasa wa pakati. Pamwamba pa mizere iwiri yoimirira pali pozitivu, pansi pali negativu, ndipo mzere woimirira uliwonse uli ndi matiranzisita awiri, ina kumtunda kwa mota, ina kumunsi. Mukatsegula ya kumtunda kumanzere ndi ya kumunsi kumanja, magetsi amadutsa m'mota kuchoka kumanzere kupita kumanja. Mukatseka zimenezo n'kutsegula ziwiri zinazo, amadutsa kuchoka kumanja kupita kumanzere, ndipo mota imatembenuka. Mukatsegula ziwiri za kumunsi zokha, makutu a mota amalumikizana, magetsi amene mota ikupanga yokha amailetsa kuzungulira, ndipo imaima msanga ngati yamangidwa mabuleki. Zonse zinayi zikatsekedwa, imapitirira kuzungulira mpaka kuima yokha.

Pali kaphatikizidwe kamodzi koletsedwa: kutsegula ya kumtunda ndi ya kumunsi za mbali imodzi pa nthawi imodzi. Pamenepo pozitivu yakumana ndi negativu popanda mota pakati, ndipo matiranzisita amapsa nthawi yomweyo. Kuwonjezera apo, mosifeti ngati IRLZ44N ikaikidwa kumtunda imafuna mavoloti a pa geti oposa a batire, amene pini ilibe. Pa zifukwa ziwirizi, anthu ambiri samanga okha mlatho wa H. Amagula kachipangizo kopangidwa kale, kamene m'kati mwake anakonza kuti kaphatikizidwe koletsedwako kasatheke.

Kofala kwambiri ndi kabolodi kofiira ka L298N, kokhala ndi chitsulo chakuda chotayira kutentha. Kali ndi milatho iwiri, choncho kamayendetsa mamota awiri, iliyonse mpaka maampeya 2, ndipo madayodi ali kale pa kabolodiko. Mota ilumikizidwe pa OUT1 ndi OUT2, batire pa polowera magetsi ndi GND, ndipo GND yomweyo ipitenso ku Arduino. Mapini atatu a Arduino apite ku IN1, IN2 ndi ENA, mutachotsa kachipewa kakang'ono kamene kamabwera katavala pa ENA. IN1 ndi IN2 amasankha kolowera, ENA imasankha liwiro. Tikaika IN1 pa pini 7, IN2 pa pini 8 ndi ENA pa pini 9, malamulo ake ndi awa:

```
digitalWrite(7, HIGH);
digitalWrite(8, LOW);
analogWrite(9, 200);
delay(2000);
analogWrite(9, 0);
delay(300);
digitalWrite(7, LOW);
digitalWrite(8, HIGH);
analogWrite(9, 200);
```

Mizere itatu yoyamba ikuyendetsa mota kutsogolo, ndipo itatu yomaliza ikuibweza. Mapini atatuwa ayenera kukhala atakonzedwa kale ndi `pinMode` kuti akhale OUTPUT. Kaimidwe ka pakati kaja, ka `delay(300)`, kali ndi ntchito. Mota yothamanga ikatembenuzidwa mwadzidzidzi, mavoloti amene inali kubweza amayamba kuthandizana ndi batire m'malo molimbana nalo. Pa chitsanzo chathu ndiye 6 kuphatikiza 5, ndipo 11 ÷ 5 ikupereka maampeya 2.2, pafupifupi kuwirikiza kawiri a mota yokakamira. Kuipatsa mpata woti iime kumateteza mlatho, batire ndi magiya apulasitiki aja.

L298N ili ndi chofooka chimene chimadabwitsa ambiri. Ndi yachikale, yopangidwa ndi matiranzisita a mtundu wa besi, ndipo imadya pafupifupi mavoloti 2 m'kati mwake, kuposanso apo katundu akakula. Ndi mabatire anayi a AA, mota imalandira pafupifupi mavoloti 4 okha, kagalimoto n'kumakwawa. Mabatire awiri a lifiyamu a 18650 olumikizidwa motsatizana amapereka mavoloti pafupifupi 7.4, ndipo mota imalandira opitirira pang'ono 5, omwe ndi oyenera. Kachipangizo katsopanoko ka TB6612FNG kali ndi mamosifeti m'kati, kamataya pang'ono kwambiri, ndipo kamanyamula maampeya 1.2 mosalekeza pa mota iliyonse ndi 3.2 kwa kanthawi kochepa. Kamota kathu kachikasu kamayenda bwino nako pa mabatire anayi omwe aja. L293D, imene imapezekanso kwambiri, imalekera pa maampeya 0.6, choncho imatentha msanga tayala likakakamira.

Kudziwa pamene pavuta

Zizindikiro zambiri zimaloza chovuta chake mosabisa. Ngati Arduino ikuzima n'kuyambiranso nthawi iliyonse mota ikamayamba, ndiye kuti zikudyera pa gwero limodzi lofooka. Izi zimachitika kwambiri munthu akadyetsa mota kuchokera pa pini yolembedwa 5V. Pini imeneyi ndi yamphamvu kuposa mapini olamulira, koma Uno yolumikizidwa ku kompyuta ili ndi fyuzi ya mamiliampeya 500, ndipo mota ikakoka magetsi ake oyambira, mavoloti amagwa mpaka ubongo uja kukomoka. Mota ipatsidwe batire lakelake.

Ngati tiranzisita ikutentha pamene mota ikuyenda mofooka, yezani mavoloti pakati pa dileni ndi sosi mota ili kuyenda. Mosifeti yotseguka bwino imaonetsa kagawo kakang'ono ka voloti. Ikaonetsa voloti imodzi kapena kupitirira, geti sikulandira mavoloti oikwanira. Ngati mota ikuzungulira ngakhale pini ili LOW, tiranzisita inafa, kapena miyendo ya dileni ndi sosi yasinthanitsidwa. Ngati masensa ayamba kupereka manambala osokonekera mota ikamayenda, gwero lake nthawi zambiri ndi kuthetheka kwa timabulashi, ndipo kapasita yaing'ono yolembedwa 104 yowotcherera pa makutu a mota imachepetsa phokosolo. Pini imene mukuikayikira muiyese ndi kababu ndi rezisita. Ikakana kuyatsa, kapena ikakana kuzimitsa, yapsa, ndipo siikonzeka. Mapini ena amatha kupitirira kugwira ntchito.

Zonsezi zimapeweka ndi muyezo umodzi wochitika musanalumikize waya uliwonse. Yezani maomu a mota kangapo, mukupotoza shafiti pang'ono nthawi iliyonse chifukwa timabulashi timasintha nambala, n'kutenga yochepetsetsa. Gawani mavoloti a batire ndi nambala imeneyo. Yankho lake ndi maampeya amene mota idzafune tsiku limene tayala lidzakakamire, ndiponso nthawi iliyonse poyamba kuzungulira. Tiranzisita kapena mlatho umene mugule uzitha kunyamula maampeya amenewo ndi kutsalako mpata, batire lizitha kuwapereka, ndipo dayodi ikhale pamalo pake. Mukatero pini idzangonyamula mamiliampeya ochepa a lamulo, omwe ndi katundu amene inapangidwira.